Ulendo wa kunyanja ndi mafuta a m'nkhokwe: funso la khalidwe pa mayeso a maakauntanti

Pa mayeso omaliza a maakauntanti, monga a ACCA ndi CIMA omwe Amalawi ambiri amalemba, pamakhala pepala losiyana ndi ena onse. Wolemba mayeso amapatsidwa nkhani ya kampani yongopeka, yokhala ndi mabwana ake, ngongole zake ndi mikangano yake, ndipo amauzidwa kuti iye ndi mmodzi mwa ogwira ntchito mmenemo. Bungwe la ACCA linayamba pepala lotere, la Strategic Business Leader, mu Sepitembala 2018, ndipo pa malikisi 100 a pepalalo, 20 amaperekedwa poona ngati munthu wayankha monga wodziwa ntchito angayankhire mu ofesi. A CIMA nawonso ali ndi mayeso a maola atatu otengera nkhani ya kampani yomwe ophunzira amalandiriratu. M'kati mwa mafunso a phindu ndi bajeti mumabisala kafunso ka khalidwe: wina walandira mphatso, kapena wina akufuna kuti nkhani yoipa isamveke msanga.

Kafunsoka kamaoneka kophweka, ndipo n'chifukwa chake kamapweteketsa anthu. Palibe wophunzira amene amalemba kuti ziphuphu n'zabwino. Onse amadzudzula, ena mpaka kudzaza tsamba lonse, koma malikisi osabwera. Wochonga akudziwa kale kuti simukonda katangale. Chimene akufuna kuona n'choti mwawerenga nkhaniyo mosamala, mwapeza pamene pali ngozi, ndipo mukudziwa khomo loyamba kugogoda Lolemba m'mawa.

Tiyeni titenge nkhani imodzi yofanana ndi zomwe zimabwera pa mayesowa, yongopeka monga zonsezo zimakhalira, tiione bwinobwino.

Mphatso ya sapulaya

Inu ndinu wachiwiri kwa manijala wa zachuma pa kampani yoyenga mafuta ophikira. Kampaniyo imagula mabotolo a pulasitiki a ndalama zokwana K600 miliyoni pa chaka. Mgwirizano ndi sapulaya wa mabotolowa ukutha, makampani atatu apikisana pa tenda yatsopano, ndipo inu muli m'komiti yomwe ikumane pakatha milungu iwiri kuti isankhe wopambana. Lamulo la kampani likuti mphatso iliyonse yoposa K50,000 iyenera kulembedwa m'kaundula. Sapulaya wakale uja, yemwe ndi mmodzi mwa atatuwo, wachita zinthu ziwiri. Watumiza makalendala ndi zolembera kwa onse a m'dipatimenti yanu, monga amachitira chaka chilichonse. Kenako wakuimbirani inu nokha foni: "Bwana, mwatopa chaka chonse. Takukonzerani kangachepe, mukapumeko ku Mangochi masiku atatu ndi mayi ndi ana. Zonse talipira kale." Ulendowo ndi wa K1.8 miliyoni. Funso likuti: lembani kalata kwa manijala wanu yofotokoza nkhani ya khalidwe yomwe ilipo ndi zoyenera kuchita.

Yankho lofala limayamba ndi kutchula mfundo zisanu za khalidwe la akauntanti, zomwe zili m'malamulo a bungwe la padziko lonse la IESBA, amene a ACCA, a CIMA ndi bungwe lathu la ICAM amatsata: kukhulupirika, kuweruza mosakondera, luso ndi kusamala pa ntchito, kusunga chinsinsi, ndi khalidwe losanyozetsa ntchitoyo. Wophunzira amazilemba zonse zisanu pamodzi ndi matanthauzo ake, n'kumaliza ndi chiganizo chimodzi chonena kuti mphatsoyo ikanidwe. Zonsezo n'zoona, koma zikanakwanira pa funso lina lililonse, ndipo yankho lokwanira paliponse silipeza malikisi ambiri pa pepala la mtundu uwu. Mwa mfundo zisanuzo, imene yakhudzidwa kwenikweni ndi ya kuweruza mosakondera. Munthu amene ana ake asambira m'nyanja pa ndalama za sapulaya sangaone mitengo ya makampani atatu aja ndi diso limodzimodzi, ngakhale atalumbira kuti angathe. Ngozi yake ndi ya phindu la iye mwini, komanso ya kuzolowerana, poti uyu ndi sapulaya amene mwagwira naye ntchito nthawi yaitali. Kusunga chinsinsi kukhoza kulowamo pang'ono, chifukwa amene wakulipirirani hotelo sachedwa kufunsa kuti anzake aja alemba mtengo wanji. Zotsalazo zisiyeni.

Gawo 250 la malamulo a IESBA, lomwe limakamba za mphatso ndi zina zokopa, limafunsa funso limodzi patsogolo pa ena onse: kodi mphatsoyi yaperekedwa n'cholinga choti isinthe chiweruzo chanu? Ngati yankho ndi inde, kapena ngati munthu wanzeru wodziwa bwino nkhaniyo angaganize choncho, mphatsoyo ikanidwe, ngakhale itakhala yaing'ono bwanji. Mtima wa woperekayo sitingauone, choncho malamulowo amatiuza zoti tiyang'ane, ndipo wolemba funso amakhala atazimwaza dala m'nkhani muja. Mtengo wake: K1.8 miliyoni, yomwe ndi malire a kampani aja kuwachulukitsa ka 36. Nthawi yake: milungu iwiri komiti isanakumane. Wolandira: munthu mmodzi yekha, yemwe ali ndi voti. Njira yake: foni, osati kalata yodzera ku ofesi. Ndipo kulowetsamo mayi ndi ana sikukupeputsa kanthu, chifukwa malamulowo amawerengeranso zomwe achibale apafupi alandira. Mfundo iliyonse mwa izi, ikalembedwa pamodzi ndi chifukwa chake, ndi malikisi.

Makalendala aja ndi msampha wa mbali inayo. Ophunzira ena, chifukwa chofuna kuoneka oyera, amalamula kuti nawonso abwezedwe. Koma ndi otsika mtengo, apita kwa aliyense, amabwera chaka ndi chaka kaya kuli tenda kaya kulibe, ndipo aperekedwa poyera. Palibe amene angakhulupirire kuti tenda ya K600 miliyoni ingagulidwe ndi cholembera. Wolemba funso anaika mphatso ziwirizi pamodzi kuti aone ngati mungazisiyanitse, ndipo amene wazimanga mtolo umodzi, kaya wakana zonse kaya walandira zonse, waonetsa kuti sanaone kusiyanako.

Apa pali nkhani yomwe ife kuno timaidziwa bwino. Kwathu kukana mphatso n'chipongwe, ndipo mlendo sabwerera chimanjamanja. Malamulo a IESBA sananyalanyaze zimenezi, chifukwa mwambo wa malo uli m'gulu la zoyenera kuziganizira. Koma mwambo ndi chimodzi chabe mwa zoyang'anazo, sufufuta zinazo. Nkhuku yomwe munthu wapatsidwa pa ukwati wa mwana wake ndi mwambo. Hotelo ya masiku atatu kutatsala milungu iwiri kuti tenda igamulidwe si mwambo wa mtundu uliwonse wa anthu. Ndiponso asaganize munthu kuti poti kampaniyi si ya boma ndiye kuti lamulo la dziko silikuikhudza. Lamulo lathu lothana ndi katangale la 1995, lomwe linakhazikitsa bungwe la ACB, limafikanso ku makampani omwe si a boma. Ngati nkhani ya pa mayeso yaikidwa ku Britain, kumeneko kuli lamulo la ziphuphu la 2010.

Tsono chochita n'chiyani? Kukana ndi chiyambi chabe. Mukane mwaulemu komanso molemba, kuti pakhale umboni. Muuze manijala wanu tsiku lomwelo. Mupemphe kuti nkhaniyo ilembedwe m'kaundula ngakhale mphatsoyo simunailandire, chifukwa kampani iyenera kudziwa kuti sapulaya wake amayesa zotere. Wapampando wa komiti ya tenda adziwitsidwe, ndipo afunse ngati ena m'komitimo anaimbiridwanso foni, poti wopereka mphatso saimbira munthu mmodzi kawirikawiri. Mukhoza kudzipereka kuti mutuluke m'komitiyo, ngakhale kuti munthu amene wakana n'kuulula msanga nthawi zambiri safunika kutero. Chomwe simuyenera kulemba n'choti sapulayayo achotsedwe pa tenda nthawi yomweyo. Chigamulo chimenecho si cha wachiwiri kwa manijala. Mukhoza kunena kuti komiti iunike ngati malamulo a tenda aphwanyidwa, basi.

Nthawi zina funso limatembenuzidwa: ulendo unachitika kale, ndipo amene anapita ndi mnzanu wa mu ofesi. Pamenepo kukana kulibenso ntchito. Zotsala ndi kuulula, kubweza ndalama za ulendowo, kumuchotsa munthuyo pa chigamulo cha tenda, ndi kupempha wina kuti aunikenso ntchito yomwe anagwira kale pa tendayo.

Mafuta omwe akhalitsa

Gawo lachiwiri la nkhaniyi ndi lolemera kuposa loyamba, ndipo ndi pamene ophunzira abwino amasiyanirana ndi apakatikati. Chaka cha zachuma changotha kumene. Powerenga katundu wa m'nkhokwe, mwapeza mafuta omwe anapangidwa pa mtengo wa K400 miliyoni, koma akhalitsa ndipo tsiku lake lothera ntchito layandikira. A zamalonda akuti akhoza kugulitsidwa motchipa, ndipo mukachotsa zolipira pogulitsa, kampani ipezapo K250 miliyoni. Lamulo la kawerengedwe ka chuma la IAS 2 likuti katundu wa m'nkhokwe alembedwe pa mtengo wotsika mwa iwiri: womwe anapangidwira, kapena womwe kampani ingapeze itamugulitsa. Ndiye kuti K150 miliyoni iyenera kuchotsedwa pa phindu.

Vuto lake ndi ili. Phindu la chaka, musanachotse chiwongoladzanja ndi msonkho, lili pa K500 miliyoni. Chiwongoladzanja cha ngongole ya kubanki ndi K140 miliyoni. Banki inaika lamulo mu mgwirizano wa ngongole kuti phindu lisachepere chiwongoladzanja kuchichulukitsa katatu, kutanthauza K420 miliyoni. Pa K500 miliyoni kampani ili bwino. Mukachotsa K150 miliyoni ija patsala K350 miliyoni, yomwe ndi chiwongoladzanja kuchichulukitsa kawiri ndi theka basi, ndipo mgwirizano waphwanyika. Mkulu wa zachuma wa kampani yonse wakuitanani n'kutseka chitseko. "Mphwanga, sindikukuuza kuti uname. Mafutawo alipo, aliyense akhoza kukawaona. Tingodikira tikumane kaye ndi a banki mwezi wamawa, zimenezi tidzazilowetsa chaka chinachi. Ukudziwa kuti banki ikakwiya, anthu 300 ntchito iwathera." Nkhaniyo yanenanso penapake, ngati mongodutsa, kuti bonasi ya mkuluyu imadalira phindu la chaka.

Kusiyana kwake ndi nkhani ya mphatso n'koti pano palibe amene akukupatsani kanthu, ndipo bwanayo ali ndi mfundo yomveka. Anthu 300 si nthabwala. Yankho lomwe limamutenga ngati mbava yodziwikiratu limataya malikisi, chifukwa silinaone chimene chikupangitsa nkhaniyi kukhala yovuta. Ndimaona ngati nkhani ya Cashgate ya 2013 inatizoloweretsa kuganiza kuti kuphwanya khalidwe pa zachuma ndi ndalama zodzaza m'buti ya galimoto. Zambiri mwa zomwe akauntanti amakumana nazo sizikhala choncho. Zimakhala pempho laulemu loti nambala ina idikire mwezi umodzi.

Yankho labwino limayamba ndi masamu ali pamwambawa, chifukwa ndi amene akusonyeza kuti nkhaniyi ndi yaikulu. K150 miliyoni ndi 30 peresenti ya phindu, komanso ndi imene ikusintha yankho la funso lomwe banki ikufunsa. Kenako lithane ndi mawu a bwana akuti sakukupemphani kunama. Mfundo ya kukhulupirika imaletsa akauntanti kuika dzina lake pa lipoti lomwe akudziwa kuti lili ndi bodza lalikulu, komanso pa lipoti lomwe lasiya kapena kubisa mfundo mwa njira yosocheretsa wowerenga. Mafutawo alipodi m'nkhokwe, koma K400 miliyoni mulibe mmenemo, ndipo banki ikupereka ngongole poyang'ana ndalama, osati zigubu. Zoti nkhaniyi ilowe chaka chamawa nazonso sizikuyenda: mafutawo anali atakhalitsa kale pa tsiku lotseka chaka, choncho kutsika kwa mtengo wake ndi kwa chaka chomwe chathachi. Ngozi zomwe zilipo zitchulidwe pamodzi ndi eni ake. Kwa inu ndi kuopsezedwa, ngakhale kwabwera mofatsa, chifukwa wolankhulayo ndi amene amasaina zokweza anthu pa ntchito. Kwa iye ndi phindu la mwini, chifukwa cha bonasi ija.

Bonasiyo muigwire mosamala. Nkhani yangonena kuti ilipo, sinanene kuti ndi imene ikumuyendetsa. Lembani kuti ikhoza kukhudza chiweruzo chake, ndipo n'chifukwa chake chigamulochi sichiyenera kukhala cha iye yekha. Musalembe kuti akuba. Kalata yomwe mukulemba pa mayeso imayesedwa ngati kalata yeniyeni, ndipo kalata yeniyeni yonamizira bwana mlandu wopanda umboni imabwerera kwa mwini wake. Zomwe zinachitika ku kampani ya masitolo ya Tesco ku Britain zimaphunzitsa mbali zonse ziwiri. Mu Sepitembala 2014 kampaniyo inalengeza kuti phindu lomwe inauza anthu linali lokwera ndi mapaundi pafupifupi 250 miliyoni, makamaka chifukwa ndalama zochokera kwa masapulaya zinkalembedwa nthawi yake isanakwane, ndipo nkhaniyo inatulukira chifukwa wogwira ntchito wina wa m'kati momwemo anaifikitsa kwa akuluakulu. Mu 2017 kampaniyo inavomera kulipira chindapusa cha mapaundi 129 miliyoni. Koma akuluakulu atatu omwe anazengedwa mlandu sanapezeke olakwa. Nambala zikhoza kukhala zolakwika poyera, pamene kutsimikiza kuti uje ndi uje anachita dala ili nkhani ina.

Khomo loyamba, lachiwiri, lachitatu

Pa zochita ndi pamene ophunzira ambiri amadumpha. Ena chiganizo chawo choyamba n'choti akanene ku polisi kapena kwa atolankhani. Ena akuti asiya ntchito. Zonse ziwirizi zimamveka zolimba mtima, koma zadumpha makomo onse a m'nyumba, ndipo yoyambayo ikhoza kuphwanya mfundo ya kusunga chinsinsi. Kuyambira 2017 malamulo a IESBA ali ndi gawo lofotokoza zomwe akauntanti angachite akapeza kuti lamulo la dziko likuphwanyidwa, ndipo amalola kuulula kunja pa zifukwa zina, koma ngakhale pamenepo njira imayambira m'kati mwa kampani.

Choyamba ndi kutsimikiza nambala zanu. K250 miliyoni ija yachokera kwa a zamalonda: kodi pali wogula amene wapereka mtengo molemba, kapena n'zongoyerekeza? Mwina bwanayo akudziwa za wogula wina amene inu simukumudziwa. Ngati mtengo weniweni utakhala K330 miliyoni, chochotsa chikhala K70 miliyoni, phindu litsala K430 miliyoni, ndipo mgwirizano wa banki sunaphwanyike. Wophunzira amene waona zimenezi waonetsa kuti amaganiza, malinga anenenso kuti mtengowo uchokere pa umboni, osati ufunidwe dala kuti ukwane pa K420 miliyoni.

Nambala zikatsimikizika, bwererani kwa bwana yemweyo. Mumuuze mwaulemu kuti simungakonze malipoti okhala ndi K400 miliyoni, mufotokoze chifukwa chake, ndipo mukatuluka mulembe kalata yachidule yokumbutsa zomwe mwakambirana, yokhala ndi tsiku. Akakana, nkhani ikwere: kwa mkulu wa kampani yonse, kenako ku komiti ya bodi yoona za kafukufuku wa mabuku, yomwe inakhazikitsidwira nkhani ngati zimenezi. Ngati kampani ili ndi njira yoululira zinthu mwachinsinsi, igwiritseni ntchito. Mukhoza kufunsa uphungu ku bungwe lanu la maakauntanti kapena kwa loya. Maodita akunja akakufunsani za mafutawo, muwauze zoona. Zonsezi zikakanika, kanani kuti dzina lanu likhale pa malipotiwo. Kusiya ntchito kumabwera kumapeto kwenikweni, ndipo pakokha sikukonza nambala yomwe banki ilandire.

Chinthu chimodzi chimene chimakweza yankho, ndipo n'chosowa, ndi kuyankha nkhawa ya bwana ija ya anthu 300. Sikokwanira kumuuza kuti malamulo akukana. Muonetseni kuti njira yake ndi imene ikuika anthuwo pa ngozi yaikulu. Mafuta otsala pang'ono kutha ntchito sabisika nthawi yaitali: maodita amayang'ana masiku olembedwa pa katundu komanso mitengo yomwe katunduyo wagulitsidwira chaka chitatha. Banki ikadzazindikira yokha, idzakhala ndi nkhani ziwiri, ya phindu lochepa ndi ya kunamizidwa, ndipo yachiwiriyo ndi imene imatseka zokambirana. Kampani ikapita yokha msanga, itanyamula nambala zoona ndi dongosolo la mmene igulitsire mafutawo, ikhoza kupempha banki kuti ilekerere kuphwanyika kwa chaka chino kapena isinthe malire aja. Banki ikhoza kukana, kapena kukweza chiwongoladzanja, ndipo yankho loona mtima linene zimenezo. Linenenso kuti mgwirizano ukaphwanyika, ngongole yomwe inali ya zaka zambiri ikhoza kufunika kulembedwa m'mabuku ngati yobweza m'chaka chimodzi, chinthu chomwe bodi iyenera kumva kuchokera kwa anthu ake, osati kwa maodita.

Za nthawi nazo n'zofunika. Pepala la ACCA lija ndi la maola atatu ndi mphindi 15, kutanthauza kuti malikisi khumi ali ndi mphindi zosakwana 20, kuwerenga komwe. M'mphindi zimenezo simungakwane matanthauzo a mfundo zisanu. Mungakwane ndime zinayi kapena zisanu zazifupi, iliyonse yotenga chinthu chimodzi cha m'nkhani n'kunena chifukwa chake chili vuto, kenako zochita mwa ndondomeko yake. Ndime imodzi ya kalata yopita kwa wapampando wa komiti ya bodi ikhoza kumveka chonchi:

"Wapampando, mafuta omwe alembedwa pa K400 miliyoni akuyembekezeka kubweretsa K250 miliyoni yokha, malinga ndi a zamalonda. Tikachotsa K150 miliyoni monga IAS 2 ikufunira, phindu litsika kufika pa K350 miliyoni, pansi pa K420 miliyoni yomwe banki imafuna. Ndapemphedwa kuti kuchotsaku kudikire chaka chamawa. Sindingathe kutero, chifukwa malipoti otero angasocheretse banki pa mfundo yomwe ikuidalira. Ndakambirana ndi mkulu wa zachuma ndipo sitinagwirizane. Ndikupempha komiti kuti iunike umboni wa mtengowu sabata ino, ndipo ukatsimikizika, kampani ikumane ndi banki malipoti asanatuluke."

Mu ndime imeneyi mulibe mawu oti katangale, ndipo palibe amene watchulidwa kuti ndi wakuba. Muli nambala zoyenera, lamulo limodzi, pempho lomwe linaperekedwa, kukana kwake ndi chifukwa chake, ndiponso chimene komiti ikupemphedwa kuchita pamodzi ndi nthawi yake. Za bonasi zikhoza kubwera m'ndime yotsatira, m'chiganizo chimodzi chonena kuti popeza malipiro a mkulu wa zachuma akudalira phindu lomweli, ndi bwino kuti mtengo wa mafutawo utsimikizidwe ndi munthu wina amene bonasiyo sikumukhudza.